Pulani ya bizinesi ya tsamba limodzi: imakwanira liti, imaperewera pati?

Munthu akafotokoza kuti akufuna kuyamba bizinesi, langizo loyamba limene amalandira nthawi zambiri n'loti ayambe walemba pulani. Pulani yathunthu imene alangizi amanenayo ndi chikalata cha masamba makumi awiri kapena atatu, chofotokoza mbiri ya mwini bizinesi, kukula kwa msika, opikisana nawo, antchito amene adzalembedwe ndiponso ndalama zimene zidzalowe ndi kutuluka kwa zaka zitatu kapena zisanu. Ena amataya mtima asadayambe n'komwe. Ena amalipira munthu woti awalembere, ndipo chikalatacho chikatuluka chimaikidwa m'kabati osatsegulidwanso, chifukwa manambala ali m'menemo sadachokere kwa wogula aliyense koma m'mutu mwa wolembayo.

Pali njira ina yaifupi imene yafala m'maphunziro a zamalonda m'maiko ambiri, yotchedwa lini kanivasi. Ili ndi tsamba limodzi lokha logawidwa m'zigawo zisanu ndi zinayi, ndipo wofuna kuona maonekedwe ake pa intaneti angalembe mawu akuti Lean Canvas. Tsambali limathandiza kwambiri pa nthawi imene funso lalikulu lili loti kodi alipo amene adzagule. Likasintha funso, n'kukhala loti ndalama zidzalowa tsiku liti ndipo zikatayika adzaluza ndani, tsamba limodzi limayamba kuperewera. Kudziwa malire amenewa n'kofunika mofanana ndi kudziwa kalembedwe kake.

Kumene idachokera

Amene adakonza lini kanivasi ndi Ash Maurya, katswiri wa mapologalamu a kompyuta wokhala mumzinda wa Austin ku America, m'chaka cha 2010. Iye sadayambe pachabe. Adatenga tsamba lina la zigawo zisanu ndi zinayi limene Alexander Osterwalder wa ku Switzerland adakonza ndi kulifalitsa pamodzi ndi Yves Pigneur m'buku lawo la Business Model Generation. Tsamba la Osterwalder limagwira bwino ntchito pofotokoza kampani imene ikuyenda kale, chifukwa limafunsa za abwenzi a pamalonda, ntchito zikuluzikulu za kampani, chuma ndi zipangizo zake, komanso ubale wake ndi makasitomala. Maurya adaona kuti munthu amene sadagulitseko kanthu alibe mayankho oona pa mafunso anayi amenewa. Choncho adawachotsa, ndipo m'malo mwake adaikamo ena anayi: vuto la wogula, yankho la vutolo, manambala oyenera kuwalondola, ndi mwayi umene ena sangaukope msanga. Njirayi adaifotokoza m'buku lake la Running Lean.

Liwu loyamba la dzinali limatanthauza chinthu chopanda mafuta osafunikira, ndipo m'zamalonda lidatchuka chifukwa cha kapangidwe ka magalimoto ku kampani ya Toyota ku Japan, kumene cholinga chidali kuchotsa ntchito iliyonse yosawonjezera phindu kwa wogula. Eric Ries adatengera ganizo lomweli ku makampani ongoyamba kumene m'buku lake la The Lean Startup la mu 2011. Kwa munthu woyamba bizinesi, kuwononga kwakukulu ndi kupanga mwaluso chinthu chimene palibe akuchifuna.

Tsambalo limajambulidwa chopingasa. Kumanzere kwenikweni kumakhala vuto, kumanja kwenikweni kumakhala ogula, ndipo pakati pamakhala lonjezo limene bizinesi ikupereka. Pakati pa vuto ndi lonjezo pamakhala yankho, pansi pake manambala olondola. Pakati pa lonjezo ndi ogula pamakhala mwayi wosakopeka, pansi pake njira zofikira ogulawo. M'munsi mwa tsamba muli zigawo ziwiri zazitali, cha ndalama zotuluka kumanzere ndi cha ndalama zolowa kumanja. Maurya amalangiza kuti tsamba loyamba lilembedwe m'mphindi pafupifupi makumi awiri, ndipo chigawo chimene munthu alibe yankho lake achisiye chopanda kanthu. Malo opanda kanthuwo ali ndi ntchito, chifukwa amaonetsa mwini bizinesi chimene sadachidziwe.

Nkhomaliro ya m'maofesi

Kuti zimveke bwino, pangakhale mayi wina wa ku Lilongwe amene amaphika bwino ndipo akuganiza zoperekera nkhomaliro kwa anthu ogwira ntchito m'maofesi a ku City Centre. Mayiyu ndi wongoyerekezera, ndipo mitengo yonse imene itchulidwe ndi yachitsanzo chabe, koma kawerengedwe kake n'kofanana pa mitengo ina iliyonse.

Chigawo cha ogula ndi cha vuto zimalembedwa pamodzi, pakuti vuto limakhala la munthu wina wake. Cholakwa chofala kwambiri n'kulemba kuti ogula ndi "aliyense wogwira ntchito m'tauni". Mawu otere samuuza mayiyu khomo limene agogode Lolemba m'mawa. Bwana wamkulu amene ali ndi galimoto amapita kukadya kunyumba kapena kulesitilanti. Mlonda ndi wokonza m'maofesi sangakwanitse mtengo wake tsiku ndi tsiku. Pakati pa awiriwa pali anthu ngati olandira ndalama kubanki, alembi ndi owerengera ndalama, amene nthawi yawo yopuma ndi yochepa ndipo kawirikawiri sangachoke pampando kwa ola lathunthu. Tsambali limafunsanso kuti mwa ogula onsewo, amene angayambe kugula sabata yomweyo ndani. Mayiyu angalembe kuti ndi ogwira ntchito m'nyumba ziwiri za maofesi zimene mchemwali wake ndi mnzake wa kutchalitchi amagwirako ntchito. Amenewa ndi anthu oti atha kuwerengedwa ndi kufunsidwa.

M'chigawo cha vuto mumalowa mavuto osapitirira atatu. Mayiyu akuganiza kuti ndi awa: kupita kokadya ndi kubwerako kumatha nthawi yonse yopuma, chakudya cha pafupi n'chamafuta ambiri ndipo chimakhala chomwechomwecho, ndipo malo aukhondo ndi okwera mtengo. Pansi pa mavutowa pali kafunso kena kamene ambiri amakalumpha, koti anthuwo akuthana nalo bwanji vutoli panopa. Yankho lake silikhala mayina a malesitilanti okha. Ena amatenga zotsala za dzulo m'kontena, ena amatuma mnyamata kukagula tchipisi pachiwaya, ena amangomwa tiyi ndi sikono n'kudikira chakudya chamadzulo. Wopikisana naye weniweni wa mayiyu mwina ndi kontena ya kunyumbayo, imene mwiniwake amaiona ngati yaulere. Ngati zili choncho, mtengo umene iye angatchule uli ndi denga lotsika kuposa momwe amaganizira poyang'ana mitengo ya kulesitilanti.

Maurya mwini adafotokoza zofanana ndi zimenezi m'buku lake, pa pologalamu yake yotumizirana zithunzi ndi mavidiyo yotchedwa CloudFire, imene adailunjikitsa kwa makolo a ana aang'ono. Atacheza ndi makolowo adapeza kuti ambiri ankangotumiza zithunzi pa imelo, njira yosalipira imene adaizolowera kale.

Lonjezo la pakati pa tsamba ndi chiganizo chimodzi chonena chimene wogula apeze. "Chakudya chokoma pa mtengo wabwino" si lonjezo, chifukwa aliyense wogulitsa chakudya amanena zomwezo, ndipo palibe angalembe kuti chake n'chosakoma. Chiganizo chonga "nsima yotentha ndi ndiwo za pakhomo, pa desiki panu 12 koloko isadakwane" chili ndi nthawi, malo ndi mtundu wa chakudya, ndipo wogula atha kuona ngati chasungidwa kapena ayi. Chigawo cha yankho, chimene anthu ambiri amafuna kuyambira, pa tsambali n'chaching'ono mwadala. Mizere itatu ikwanira: mitundu iwiri ya chakudya pa tsiku, maoda otsekedwa 9 koloko m'mawa kuti pasaphikidwe chotsala, ndi ulendo umodzi wa njinga yamoto ku nyumba iliyonse ya maofesi. Njira yofikira ogula ndi gulu la pa WhatsApp la nyumba iliyonse, lokhala ndi munthu mmodzi wam'katimo wosonkhanitsa maoda.

Manambala a m'munsi mwa tsamba

Zigawo ziwiri za m'munsi ndizo zimaulula ngati ganizolo lili ndi moyo. Mayiyu waika mtengo wa K5 000 pa mbale. Ufa, ndiwo, mafuta, gasi kapena makala ndi kabokosi koikamo chakudya zikutenga K3 200 pa mbale iliyonse. Wa njinga yamoto akulipiritsa K4 000 pa ulendo, ndipo ulendowo ukanyamula mbale khumi, mbale iliyonse yatenga K400. Pa mbale imodzi pakutsala K1 400.

Ndalama imeneyi si phindu ayi, chifukwa pali zolipira zina zimene zimabwera mwezi ndi mwezi kaya agulitse kaya asagulitse: lendi ya kakhitchini K150 000, malipiro a womuthandiza K130 000, madzi, magetsi ndi mayunitsi K70 000. Zonse pamodzi ndi K350 000. Kugawa K350 000 ndi K1 400 kukupereka mbale 250 pa mwezi. Popeza maofesi amatsegula masiku pafupifupi 22 pa mwezi, ayenera kugulitsa mbale 12 tsiku lililonse kuti angobweza zolipira, iye osatengapo kanthu. Akafuna kudzilipira K300 000 pa mwezi, chiwerengerocho chikukwera kufika pa mbale 22 pa tsiku. Anthu ambiri olemba tsambali amaiwala malipiro awoawo, ndipo bizinesi imaoneka yaphindu chifukwa choti mwini wake akugwira ntchito yaulere.

Ubwino wa tsamba limodzi umaoneka apa, chifukwa zigawo zonse zili pamaso nthawi imodzi ndipo kusintha chimodzi kumaonetsa chimene chigwedezeke kwina. Ngati mayiyu atalandira maoda kuchokera ku nyumba zambiri zomwazikana, ulendo uliwonse n'kunyamula mbale zitatu zokha, mtengo wa njinga pa mbale ukwera kufika pa K1 333, ndipo chotsala chitsika kuchoka pa K1 400 kufika pa K467. Mbale 22 zomwezo sizingalipirenso ngakhale lendi ndi wantchito. Choncho kusankha nyumba ziwiri zokha m'chigawo cha ogula, kumene poyamba kumaoneka ngati kudzichepetsera msika, ndiko kukugwiriziza bizinesi yonseyo. M'chikalata cha masamba makumi atatu, nkhani ya ogula imakhala patsamba lachisanu ndipo mtengo wa mayendedwe patsamba la makumi awiri, ndipo kulumikizana kotereku kumabisika mosavuta.

Manambala oyenera kuwalondola amachokera m'kuwerengera komweku. Kwa mayiyu ndi atatu: mbale zogulitsidwa pa tsiku, mbale zonyamulidwa pa ulendo umodzi, ndi chiwerengero cha anthu amene adagula sabata yatha n'kugulanso sabata ino. Chachitatuchi ndicho chofunika koposa. Anthu amagula kamodzi chifukwa cha chidwi kapena pofuna kusangalatsa mnzawo, koma kugula kachitatu ndi kachinayi ndiwo umboni woti vuto lilipodi. Kuchuluka kwa anthu amene alowa m'gulu la pafoni kumasangalatsa mtima, koma sikugula thumba la ufa.

Chigawo cha mwayi wosakopeka ndicho chovuta, ndipo Maurya amavomereza kuti ambiri amayamba chili chopanda kanthu. Kuphika bwino, khama ndi kuyamba msanga sizilowa m'menemu, pakuti wina atha kubwera mawa ndi zomwezo. Chimene chingalowe ndi chinthu ngati mgwirizano ndi oyang'anira nyumba ya maofesi woti iye yekha ndiye aziloledwa kulowetsa chakudya, kapena dimba la banja lopereka masamba chaka chonse pa mtengo wotsika. Ngati palibe chotere, ndi bwino kusiya malowo oyera kusiyana ndi kudzinamiza.

Tsamba likadzaza, ntchito ndiye yayamba

Zonse zimene zalembedwa patsambali mpaka pano ndi zongoganizira. Mayiyu sakudziwa ngati anthuwo amadandauladi ndi nthawi, kapena ngati angalipire K5 000 kasanu pa sabata. Apa ndi pamene lini kanivasi imasiyana ndi pulani wamba. Mwini wake amayenera kufunsa kuti mwa zonse walembazo, chimene chingagwetse bizinesi yonse chikapezeka chabodza n'chiti, ndipo achiyese chimenecho choyamba pa mtengo wochepetsetsa.

Kuyesa koyamba ndi kucheza ndi anthu khumi kapena khumi ndi asanu a m'gulu lija, mmodzimmodzi. Kafunsidwe kake kali ndi msampha. Funso loti "kodi mungagule nditamabweretsa chakudya?" pafupifupi aliyense amaliyankha kuti inde, makamaka pakati pa anthu amene amaona kukana pamaso ngati mwano. Mafunso othandiza ndi okhudza zimene zachitika kale: dzulo masana adadya chiyani, adalipira zingati, zidamutengera nthawi yaitali bwanji, ndipo sabata yatha adagula chakudya kangati. Munthu akanena kuti masiku anayi mwa asanu amatenga cha kunyumba, wayankha kale funso la mtengo ngakhale sadafunsidwe.

Kuyesa kwachiwiri ndi kugulitsa kwenikweni kwa masabata awiri, kuphikira m'khitchini ya kunyumba, osachita lendi malo, osalemba wantchito, ndipo wogula aliyense azilipiriratu pafoni pamene akupereka oda. Mayiyu ayenera kulemberatu chimene adzachitche kupambana, mwachitsanzo mbale 12 pa tsiku pofika sabata yachiwiri, theka la ogulawo ali obwereza. Kulemberatu kumateteza ku chizolowezi chodzitonthoza pambuyo pake kuti mbale zisanu si zoipa kwenikweni.

Zotsatira zake zimabwerera patsamba. Mwina apeza kuti anthu amagula Lolemba mpaka Lachitatu, koma Lachisanu amakonda kutuluka ndi anzawo, kapena kuti malonda amatsika kwambiri sabata yachitatu ya mwezi pamene matumba aphwa. Mwina apeza kuti amene akulipira mosanyinyirika ndi maofesi ofuna chakudya cha pamisonkhano, osati munthu payekha, ndipo zikatero chigawo cha ogula, cha lonjezo ndi cha ndalama zolowa zonse zilembedwanso. N'chifukwa chake tsambali limalembedwa ndi pensulo, n'kuikidwa deti pamwamba. Kanivasi imene yatha miyezi itatu osafufutidwapo kanthu ikusonyeza kuti mwini wake sadatuluke kukakumana ndi ogula.

Pamene tsamba limodzi likwanira

Pa gawo limene mayiyu ali, pulani ya masamba makumi atatu siingamuwonjezere chidziwitso chilichonse. Ndalama imene akuika pachiswe ndi yake ndipo ndi yochepa, yoti itatayika banja lidyabe. Chimene wagula m'mawa chimasanduka ndalama masana omwewo. Palibe chinthu chachikulu chimene wagula choti sangachibweze, ndipo wopanga ziganizo ndi iye yekha. Zinthu zinayizi zikakhalapo pamodzi, tsamba limodzi ndi kabuku kolembamo zolowa ndi zotuluka za tsiku ndi tsiku n'zokwanira, ndipo masabata amene akadathera polemba chikalata ndi bwino athere pogulitsa.

Tsambali limathandizanso munthu amene ali ndi maganizo awiri kapena atatu ndipo sakudziwa loti ayambe nalo. Kulemba mapulani atatu athunthu n'kosatheka, koma masamba atatu atha kulembedwa madzulo amodzi n'kuikidwa pamodzi patebulo. Limathandizanso pokambirana ndi mlangizi kapena wachibale wodziwa malonda, chifukwa tsamba limodzi munthu amaliwerenga pomwepo n'kuloza pamene pakukayikitsa, pamene chikalata chachitali amangolonjeza kuti achiona.

Pamene chiperewera

Chofooka chachikulu cha lini kanivasi n'choti ilibe kalendala. Imaonetsa kuti ndalama zolowa zikuposa zotuluka, koma siinena tsiku limene iliyonse idzalowe kapena kutuluka. Bizinesi ya mayi uja itakula n'kufika pa mbale 22 pa tsiku, makasitomala ake, amene amalandira malipiro kumapeto kwa mwezi, angapemphe kuti azilemba m'kabuku n'kudzalipira akalandira. Patsamba palibe chimene chasintha: mtengo ndi womwewo, chotsala pa mbale ndi K1 400 yomweyo. Koma mbale 484 za mwezi wonse, iliyonse yofuna K3 600 ya zophikira ndi njinga, zikutanthauza K1 742 400 yotuluka m'thumba mwake. Kuphatikiza K350 000 ya lendi ndi zina, ayenera kukhala ndi ndalama yoposa K2 miliyoni asadalandire tambala. Ngati mpamba wake udali K600 000, ndalama ithera sabata yachiwiri, bizinesi ili yaphindu papepala. Umu ndi momwe anthu a malonda oyenda bwino amagwera m'manja mwa akatapila. Maoda a maofesi ndi mabungwe, amene amaoneka okoma chifukwa ndi aakulu, vuto lawo ndi lomweli, popeza kawirikawiri amalipidwa patapita masabata angapo chiperekereni invoisi.

Mankhwala ake si pulani yathunthu nthawi zonse. Nthawi zambiri chofunika ndi tsamba lachiwiri losonyeza kayendedwe ka ndalama: mizere ya sabata iliyonse kapena mwezi uliwonse, yolembedwa ndalama yoyamba nayo, yolowa, yotuluka ndi yotsala. Pamene chotsalacho chatsika kupitirira ziro ndi pamene bizinesi idzaime, ndipo kuzama kwa dzenjelo ndiko kukula kwa mpamba wofunika. Bizinesi iliyonse yogulitsa pangongole, yosunga katundu wambiri, kapena yodalira nyengo monga ulimi ndi kugula mbewu nthawi yokolola, imafuna tsamba lachiwirili kuyambira tsiku loyamba.

Malire achiwiri ndi ndalama za eni. Banki kapena bungwe lobwereketsa silifunsa kwenikweni ngati ganizo ndi labwino. Limafuna kudziwa kuti ngongole idzabwezedwa kuchokera pati mwezi uliwonse pamodzi ndi chiwongoladzanja, chikole n'chiyani, bizinesi idalembetsedwa kapena ayi, ndipo mabuku a malonda a m'mbuyo akuonetsa chiyani. Pa zonsezi lini kanivasi ilibe chigawo ngakhale chimodzi. Mabungwe opereka thandizo la ndalama nawo amakhala ndi mafomu awo, ofuna bajeti yatsatanetsatane ndi ndondomeko ya nthawi. Mayi uja akafuna K8 miliyoni yogulira mafiriji, mbaula zazikulu ndi njinga yamoto yakeyake, pulani yathunthu siingapeweke. Kusiyana kwake n'koti tsopano adzailemba ndi manambala a miyezi isanu ndi umodzi ya malonda enieni, ndipo woona za ngongole amasiyanitsa msanga manambala otere ndi ongopeka.

Malire achitatu ndi ndalama zimene zikatuluka sizibwerera. Njira yoyesa pang'onopang'ono idabadwira m'makampani a mapologalamu a kompyuta, kumene kusintha chinthu kumatenga masiku ochepa ndi ndalama zochepa. Womanga chigayo, khola la nkhuku zikwi zisanu kapena sukulu sangamange theka kuti aone ngati anthu abwera. Iye angagwiritse ntchito kanivasi poyesa ngati msika ulipo, koma asadathire simenti amafunika kuwerengera mtengo wa zomangira, magetsi, zokonzera makina ndi miyezi imene idzadutse malonda asadayambe.

Pali zinanso ziwiri zimene tsambali silitchula konse. Choyamba ndi malamulo: wogulitsa chakudya kwa anthu amafunika chilolezo cha khonsolo ya mzinda ndi kuyezedwa kwa ophika kuchipatala, woika zakudya m'mapaketi kuti zigulitsidwe m'masitolo amakumana ndi bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, ndipo nkhani za msonkho zili ndi Malawi Revenue Authority. Chilichonse mwa izi chili ndi mtengo ndi nthawi yake yodikira. Chachiwiri ndi anthu. Maurya adachotsa zigawo za abwenzi a pamalonda ndi ntchito za m'kati, choncho tsambali silinena kuti wopita kumsika 5 koloko m'mawa ndani, kapena chidzachitike n'chiyani wa njinga akadwala. Mayi uja akalowa m'bizinesiyi ndi mlamu wake amene waikamo theka la mpamba, afunika pepala lina losainirana, lonena gawo la aliyense, wosunga ndalama, kagawidwe ka phindu, ndi momwe wofuna kutuluka adzabwezeredwe zake.